"Ndamwa sabata yonse, palibe chasintha": mankhwala a matenda a kukhumudwa m'masabata oyamba

Amayi anzanga, ife tinazolowera mankhwala ofulumira. Mutu ukamawawa timamwa panado, ola lisanathe tabwerera pa mtondo. Mwana akadwala malungo amamwa mankhwala masiku atatu, ndipo nthawi zambiri pofika tsiku lachiwiri thupi lazizira, wayamba kupempha phala. Ndiye munthu akapatsidwa mapiritsi a matenda a kukhumudwa, n'kumwa sabata yathunthu mtima uli chilemerere, kuwonjezera apo m'kamwa mwauma, mutu ukuzungulira, amaganiza kuti kuchipatala amulakwitsira mankhwala. Amawaponya pansi pa bokosi la zovala, osabwereranso. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba ndaona zimenezi kambirimbiri, ndipo kawirikawiri vuto silikhala mankhwalawo. Vuto limakhala lakuti palibe amene anamuuza wodwalayo, kapena womusamalira, mmene masabata oyamba amakhalira.

Kukhumudwa kumene ndikunena pano si chisoni cha pamaliro, kapena kudandaula kwa tsiku limene munthu wasowa ya chigayo. Ndi matenda. Munthu amakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kupitirira. Zimene ankazikonda sizimukomanso, tulo timasokonekera, chakudya sichilowa, mphamvu zimatha, amadziona wachabechabe, ndipo ena amafika poganiza kuti bola kufa. Kwathu kuno ambiri sanena kuti akhumudwa. Amati mtima ukuthamanga, mutu ukutentha, m'thupi monse mukuphwanya, kapena akuganiza kwambiri. Si onse amene amafunika mapiritsi. Matenda akakhala ocheperako, uphungu ndi kuthandizana naye pa mavuto amene akumusautsa zimakwanira. Mapiritsi amabwera matendawa akakula mpaka munthu kulephera ntchito zake za tsiku ndi tsiku.

M'zipatala za m'Malawi muno mankhwala amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi awiri: amitiriputilini ndi fuluwokisetini. Amitiriputilini ndi akale, ndipo ndi amene amapezeka kwambiri. Amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa. Fuluwokisetini amamwedwa m'mawa chifukwa ena amawasowetsa tulo. Ndionjezerepo apa kuti amitiriputilini amaperekedwanso pang'ono kwa anthu amene mapazi amawotcha kapena kuchita dzanzi chifukwa cha mitsempha, monga odwala shuga. Choncho mukawaona m'nyumba mwa mnzanu musathamangire kunena kuti ali ndi matenda a maganizo.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi wa zaka 42 wa kwa Champiti, amene amuna awo anamwalira chaka chatha. Maliro anatha, anthu anabalalika, koma iwo m'malo mopepukidwa akunka namira. Kwa miyezi itatu akumadzuka tambala asanalire, osagonanso. Kumunda sakupita ngakhale udzu wakula, kwaya anasiya, nsalu ikuchita kumasuka m'chiuno chifukwa cha kuwonda. Mng'ono wawo wawaperekeza kuchipatala, ndipo adokotala atawafunsa mofatsa, kuwayeza magazi ndi kuthamanga kwa magazi, ndi kufunsa ngati ali ndi vuto la mtima, awalembera amitiriputilini: piritsi limodzi la mamiligalamu 25 usiku uliwonse, abwerenso pakatha sabata.

Funso la mtimalo si lamwambo chabe. Amitiriputilini amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndiye munthu wodwala mtima sapatsidwa amenewa. Wodwala khunyu, womwa mankhwala otalikitsa moyo, woyembekezera, ngakhale womwa mankhwala azitsamba, anene zonse asanalandire piritsi loyamba.

Zoipa zimayamba, zabwino zimatsatira

Usiku woyamba mayi athu aja agona tulo tofa nato, koyamba pa miyezi itatu. Koma m'mawa adzuka mutu uli wolemera ngati sanagone. M'kamwa mwauma, lilime likukakamira. Atadzuka pa mphasa mofulumira, maso achita mdima, achita kugwira khoma. Pofika tsiku lachinayi kuchimbudzi akuvutika. Nanga mtima? Uli chimodzimodzi. Akulirabe, kumunda sakukufunabe.

Chifukwa chake n'chakuti mankhwalawa akalowa m'magazi sapita ku ubongo kokha. Amafikanso ku tiziwalo totulutsa malovu, kumatumbo, kuchikhodzodzo ndi m'mitsempha ya magazi, ndipo kumeneko amagwira tsiku lomwelo: malovu amachepa, matumbo amayenda pang'onopang'ono, magazi amachedwa kukwera kumutu munthu akaimirira. Ku ubongo nkhani ndi ina. Mitsempha ya mu ubongo imatumizirana mauthenga kudzera mu timadzi tina, ndipo mankhwalawa amasintha kuchuluka kwa timadziti m'maola ochepa chabe. Koma kuti munthu apepukidwe, mitsemphayo iyenera kuzolowera ndi kusintha kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo zimenezo zimatenga masabata. Zili ngati feteleza: mwathira lero, walowa m'nthaka lero lomwe, koma simupita mawa m'mawa kukaona ngati chimanga chabiriwira.

Nthawi yake ili motere. Ambiri amayamba kuona kusintha pakati pa masabata awiri ndi anayi. Kuti tinene motsimikiza kuti mankhwala agwira kapena akanika, timadikira masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, munthu akumwa mlingo wokwanira tsiku lililonse. Mawu akuti "mlingo wokwanira" ndi ofunika. Piritsi limodzi lija la mamiligalamu 25 ndi lozoloweretsa thupi chabe. Malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amene anakonzedwanso mu 2016, amati mlingo wa amitiriputilini uzikwezedwa pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo kwa munthu wamkulu ukhoza kufika mamiligalamu 100 mpaka 150 pa tsiku. Okalamba ndi odwala matenda ena amakwezeredwa mochedwa ndipo amathera pa mlingo wocheperapo. Ndiye mayi athu akabwerera n'kuuzidwa kuti tsopano azimwa awiri, kenako atatu, sizikutanthauza kuti matenda akula. Ndi mmene njira yake imayendera. Koma wokweza ndi wachipatala, osati wodwala kapena mng'ono wake.

Zovuta za masiku oyambazi zambiri zimachepa pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndipo pali zochita pakhomo. Pouma m'kamwa, azimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse ndi kutsuka mano bwino, chifukwa m'kamwa mouma mano amabooka msanga. Podzuka, ayambe akhala tsonga kaye, awerenge mpaka makumi awiri, kenako aimirire. Kudzimbidwa kumachepa ndi madzi, ndiwo zamasamba, papaya, nsima ya mgaiwa ndi kuyendayenda. Ngati tulo tikuwapitirira mpaka dzuwa kukwera, amwe piritsi atangodya chakudya chamadzulo, osadikira nthawi yogona. Masiku oyambawo asakatunge madzi pa chitsime chosatseka ali okha, asakhale pafupi kwambiri ndi moto akuwodzera, ndipo ngati wodwalayo ndi mnyamata wa kabaza, apume kaye kunyamula anthu mpaka kuwodzera kutatha. Mowa, kaya masese kaya kachasu, umawonjezera kugonetsa kwa mankhwalawa ndipo umakulitsa kukhumudwa komweko.

Akadakhala kuti apatsidwa fuluwokisetini, madandaulo akadakhala ena: mseru, mutu, kutsegula m'mimba pang'ono, kusowa tulo, ndi kusakhazikika ngati munthu akudikira uthenga woipa. Mseruwo umabwera chifukwa timadzi tomwe mankhwalawa amasintha mu ubongo timapezekanso tambiri m'matumbo. Kumwa piritsi m'mawa utadya phala kumathandiza. Mlingo wake nthawi zambiri ndi mamiligalamu 20 kamodzi pa tsiku, ndipo ena amayamba ndi theka lake kwa sabata yoyamba. Pali chinanso chimene odwala sanena chifukwa cha manyazi: mankhwalawa amatha kuchepetsa chilakolako cha m'banja, kwa amayi ndi abambo omwe. Chimenechi sichichedwa kuyambitsa kukayikirana m'nyumba, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu amasiyira mankhwala mwakachetechete. Nenani kwa anamwino. Tinazimvapo kale, sitidabwa, ndipo mlingo kapena mtundu wa mankhwala ukhoza kusinthidwa.

Zimene siziyenera kudikira tsiku lolembedwa m'buku

Pali zizindikiro zina zosiyana ndi zimene ndatchulazi. Munthu akalephereratu kukodza, akakomoka, akagwidwa ndi zinjenje ngati za khunyu, mtima ukamagunda modumphadumpha kapena chifuwa chikamawawa, akatuluka zidzolo ndi kutupa nkhope, akasokonezeka mutu osadziwa pamene ali, asamwenso piritsi lina, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndi mankhwala ake m'manja.

China chimapusitsa achibale chifukwa chimaoneka ngati kuchira. Munthu amene anali chete dzana, lero akulankhula osapuma, sakugona koma sakutopa, akugawa katundu wa m'nyumba, akudzitcha wolemera kapena wotumidwa. Kumeneko si kuchira. Pali anthu ena amene matenda awo ali ndi mbali ziwiri, nyengo yokhumudwa ndi nyengo yotakasuka mopitirira, ndipo mankhwala a kukhumudwa akaperekedwa okha amatha kuwakankhira ku mbali yachiwiriyo. Ameneyu akufunika kuonedwa mwamsanga ndi a zamaganizo, ndipo chithandizo chake ndi china.

Koma chachikulu ndi ichi. M'masabata oyamba thupi limatha kudzuka mtima usanadzuke. Mayi athu aja, pofika sabata yachitatu, akugona bwino, akudya, asesa pabwalo. Mng'ono wawo wasangalala, wabwerera kwawo. Komatu maganizo akuti "ndine mtolo kwa ana anga" sanachoke, ndipo tsopano ali ndi mphamvu zimene analibe pamene ankangogona. Enanso mankhwala amawapatsa kusakhazikika koopsa masiku oyamba, kulephera ngakhale kukhala pansi. N'chifukwa chake nthawi imeneyi timafuna wodwala aziyang'aniridwa kwambiri, makamaka achinyamata osafika zaka 25, amene kafukufuku anaonetsa kuti maganizo ofuna kudzipha amatha kuwonjezeka mwa ena a iwo akangoyamba mankhwalawa. Ana osafika zaka 12 sapatsidwa mankhwalawa pa matenda a kukhumudwa, ndipo amene ali pa msinkhu wa kusekondale sapatsidwa amitiriputilini.

Inu amene mumayendera odwala m'miphakati, musaope kufunsa mwachindunji, muli awiri: "Mayi, kodi maganizo oti mudzichotsere moyo amakubwererani?" Funso limeneli silimuika munthu maganizo amene analibe. Ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Akavomera, musawakalipire kapena kuyamba ulaliki. Musawasiye okha, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, ndipo muwaperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Mapiritsi a amitiriputilini nawonso ndi oopsa kwambiri akamwedwa ambiri nthawi imodzi. Ndi bwino kuti asungidwe ndi wachibale wodalirika amene azipereka a usiku umodzi umodzi, ndipo achipatala akapereka a sabata imodzi kapena awiri okha si kuumira, akuteteza moyo. Asungeni kutali ndi ana: mapiritsi ochepa chabe akhoza kupha mwana wamng'ono.

Kodi tidziwa bwanji kuti akugwira?

Wodwala mwiniwake amakhala womaliza kuzindikira. Mukamufunsa kuti "mukupeza bwanji?" ayankha kuti "chimodzimodzi". Funsani zinthu zowerengeka. Dzulo munagona maola angati? Nsima munamaliza? Munasamba musanauzidwe? Sabata ino mwatuluka pakhomo kangati? Mwa mayi athu aja, tulo tinabwera sabata yoyamba, chakudya sabata yachiwiri, ndipo sabata yachinayi mwana wawo anawamva akung'ung'udza nyimbo akutsuka mbale, iwo osazindikira. Sabata yachisanu ndi chimodzi anapita kukapalira. Sikuti tsiku lililonse linkaposa linzake. Panali masiku ena obwerera m'mbuyo, ndipo zimenezo zimachitika.

Masabata asanu ndi limodzi akatha popanda kusintha kulikonse, timayamba tafunsa ngati mankhwala amamwedwa tsiku lililonse, ngati mlingo unafika pokwanira, ngati pali mowa, ndiponso ngati pakhomo pali nkhanza kapena vuto lina limene piritsi silingachotse. Kenako mlingo umakwezedwa kapena mankhwala amasinthidwa. Kukanika kwa mtundu woyamba si kukanika kwa yonse. Zikavuta, chipatala chaching'ono chimatumiza wodwala ku chipatala cha boma ku Ntcheu kumene kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo, ndipo kupitirira apo kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kutumizidwa kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga.

Kusiya wekha

Anthu amasiya pa nthawi ziwiri: sabata yoyamba chifukwa mankhwala akuwavuta, ndi mwezi wachiwiri kapena wachitatu chifukwa achira. Kusiya kwachiwiriku ndi kumene kumandidandaulitsa kwambiri, chifukwa kumaoneka kwanzeru. Mayi athu ali bwino, abwerera ku kwaya, ndipo mnzawo wawauza kuti mapiritsi oterewa munthu ukawazolowera sungawasiyenso. Asiya Lolemba.

Pofika Lachitatu kapena Lachinayi ayamba mseru, thukuta, mutu, chizungulire, maloto oopsa, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, thupi kuphwanya ngati chimfine. Ena amathamangira kukayezetsa malungo, osawapeza. Amenewa si matenda aja kubwerera. Ndi thupi limene linazolowera mankhwala kwa miyezi, ndiye lawasowa mwadzidzidzi. Mungasiyanitse motere: zovuta za kusiya zimabwera m'masiku ochepa, zimakhala ndi zizindikiro za m'thupi zimene munthu analibe poyamba, ndipo zimatha msanga akayambiranso mankhwala. Matenda enieni amabwerera mwakachetechete pakapita masabata kapena miyezi, ndi nkhope yawo yakale ija: kudzuka usiku, kusiya kudya, kudzitsekera m'nyumba. Fuluwokisetini amakhalitsa m'thupi masabata angapo munthu atasiya, choncho zovuta zake zimachedwa ndipo nthawi zambiri zimakhala zochepa. Zimenezi zimanamiza munthu kuti wasiya bwinobwino, matenda n'kudzamupeza mwezi wamawa.

Za kuzolowerazo ndiyankhe mosabisa. Thupi limazoloweradi, n'chifukwa chake sitisiya mwadzidzidzi. Koma sizili ngati fodya kapena mowa. Munthu sakhala ndi chibaba cha mapiritsiwa, safuna kumawonjezera kuti amve kukoma, sagulitsa mbuzi kuti awapeze. Ndipo ambiri amadzasiya ndithu nthawi yake ikakwana.

Nthawi yake ndi iti? Malangizo aja a mu 2016 a bungwe la za umoyo anati munthu apitirize miyezi 9 mpaka 12 kuchokera pamene zizindikiro zatha, osati kuchokera tsiku loyamba kumwa. Chifukwa chake chinaoneka bwino mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2003, wophatikiza zotsatira za anthu oposa 4,000 amene anali atachira ndi mankhwalawa. Mwa amene anasiyitsidwa, pafupifupi 41 pa 100 aliwonse anadwalanso. Mwa amene anapitiriza, anadwalanso 18 pa 100. Amene anadwalapo kawiri kapena katatu m'mbuyomu amalangizidwa kupitiriza nthawi yotalikirapo.

Ine sindiona mkangano pakati pa pemphero ndi piritsi. Mupempherereni wodwala, mumuyendere, koma wina akamuuza kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, mumuletse monga mmene mungaletsere wouza wodwala shuga zomwezo.

Monga mzamba, ndili ndi mawu kwa amayi amene azindikira kuti aima ali pa mankhwalawa. Ambiri amasiya tsiku lomwelo poopa kuvulaza mwana. Musatero. Bwerani kusikelo msanga, munene mankhwala amene mukumwa, tione limodzi. Ena timawachepetsera, ena timawasinthira, ena amapitiriza, chifukwa mayi wokhumudwa kwambiri sadya bwino, amajomba kusikelo, ndipo akabereka amavutika kusamala khanda. Woyamwitsanso asasiye kuyamwitsa kapena kumwa mankhwala payekha. Amitiriputilini amalowa mu mkaka pang'ono kwambiri. Fuluwokisetini amakhalitsa m'thupi la khanda, choncho kwa woyamwitsa timayamba taganizira mankhwala ena ngati alipo. Mwana akamagona mopitirira, kuyamwa mofooka kapena kulira kosatonthozeka, abwere naye.

Kusiya kwina sikukhala kofuna. Mapiritsi atha, mvula yadula njira, ndalama ya kabaza palibe, kapena kuchipatala mankhwalawo sanafike. Thupi silidziwa chifukwa chake, limangovutika chimodzimodzi. Choncho werengani mapiritsi. Womwa atatu usiku uliwonse amafunika 21 pa sabata, ndipo akatsala a masiku asanu ndi nthawi yokatenga ena, osadikira lomaliza. Mukapeza kuti kulibe, musangobwerera kunyumba. Funsani adokotala kumene mungawapeze ndi mmene mungamwere otsalawo, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu adziwe. Mukaiwala usiku umodzi, mawa imwani mlingo wa tsikulo basi, osaphatikiza awiri. Mukakhala masiku ambiri osamwa amitiriputilini, musayambire pa atatu paja. Kafunseni kaye, chifukwa thupi likhoza kufunika kuyambiranso pang'ono.

Mayi athu a kwa Champiti, tinene kuti anayamba mankhwala mu Januwale ndipo anapeza bwino mu Malichi. Miyezi isanu ndi inayi ikutha mu Disembala, nthawi ya njala ndi ntchito yambiri kumunda, komanso mwezi umene amuna awo anamwalira. Dokotala wanzeru angawauze kuti adikire mpaka atakolola. Akatero, mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono kwa masabata osachepera anayi, kawirikawiri kupitirira apo: kuchoka pa atatu kufika pa awiri, akhale pamenepo sabata kapena awiri, kenako limodzi, kenako kusiya. Zovuta zikabuka pa sitepe ina, amabwerera pa mlingo umene anali bwino n'kutsika mochedwerapo. Atasiya, amabwerabe kudzaonedwa kwa miyezi ingapo, ndipo mng'ono wawo amauzidwa chizindikiro chimene chinayamba ulendo woyamba uja, kudzuka tambala asanalire, kuti chikaonekanso masiku angapo otsatizana abwere nawo osadikira kuti awonde.